Zitsulo 18 papepala, 21 pakhoma

Masamu omwe amachitikira pakhonde la hadiweya amakhala achidule. Mwini nyumba amatenga kutalika kwa makoma onse, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha zitsulo zomwe zigone mu bimu, kenako n'kugawa ndi 12, poti chitsulo chimodzi chimagulitsidwa chotalika mamita 12. Yankho lomwe latuluka ndilo amalipira. Pakapita masiku atatu foni imalira: "Abwana, zitsulo zija zaperewera." Ganizo loyamba lomwe limabwera m'mutu mwa abwanawo ndi lakuti wina wazembetsa. Kuba kulipo pamalo omangira, palibe angakane, koma nthawi zambiri zitsulo zotere sizinabedwe. Sizinagulidwe n'komwe, chifukwa masamu aja anasiya panja zinthu ziwiri: utali womwe zitsulo zimapitirirana pozilumikiza, umene amisiri amati lapu, ndi mpata wa konkire womwe uyenera kukuta chitsulo mbali zonse, umene amati kava.

Foni ikalira chonchi, mwini nyumba athokoze. Choopsa ndi pamene siilira, mmisiri waona kuti zitsulo n'zochepa, waopa kutchedwa wakuba, ndipo wangozikwaniritsa mwa njira yake. Njirayo imakhala imodzi: kufupikitsa malapu. Konkire ikathiridwa, palibenso amene adzaone.

Tiyambe ndi chomwe lapu imachita, chifukwa ambiri amaganiza kuti waya womangira uja ndiye amagwira zitsulo ziwiri pamodzi. Ntchito ya wayayo imatha tsiku lothira konkire. Amangothandiza kuti zitsulo zisasunthe pamene anthu akupondaponda ndi kutsira. Nyumba ikayamba kulemera, mphamvu yokoka imachoka m'chitsulo choyamba, kulowa mu konkire yozungulira, n'kukalowa m'chitsulo chachiwiri. Timizere totukuka tomwe mumaona pa chitsulo cha Y12 tinaikidwa dala kuti tilume konkire. Sentimita iliyonse ya chitsulo imatha kupereka gawo lochepa chabe la mphamvuyo, choncho pamafunika utali wokwanira kuti yonse iwoloke. Ndipo si mphamvu yamasewera. Chitsulo cha Y12 chabwino chimayamba kugonja chikakokedwa ndi katundu wa matani oposa pang'ono 5, kulemera kwa matumba a simenti oposa 100. Ndani angayembekeze kuti zonsezo zidutse pa lapu yotalika ngati chikhatho?

N'chifukwa chake lapu siyezedwa ndi maso koma ndi kunenepa kwa chitsulocho. Lamulo lomwe amisiri ambiri anaphunzira ndi lakuti muchulukitse kunenepa kwa chitsulo ndi 50. Pa Y10 ndi mamilimita 500, pa Y12 ndi 600, pa Y16 ndi 800, pa Y20 ndi mita yathunthu. Ili ndi lamulo la pamalo a ntchito, losavuta kukumbukira. Chiwerengero chenicheni chimasintha malinga ndi kulimba kwa konkire, mtundu wa chitsulo ndi malo omwe lapuyo yagwera. Injiniya akhoza kulemba 40, akhozanso kulemba 60 kapena kuposa. Zomwe zalembedwa pa pulani ndizo zimalamula. Koma pokonza bajeti, 50 ndi poyambira pabwino, ndipo akutiuza kale kanthu kena: pa mzere wautali, chitsulo cha Y12 cha mamita 12 chimayenda mamita 11.4 okha, cha Y16 mamita 11.2, cha Y20 mamita 11. Otsalawo mumalipira, koma amagona pambali pa chinzake.

Chitsanzo: ring'i bimu ya mamita 18 kwa 9

Titenge nyumba yamakona anayi, yotalika mamita 18, mulifupi mamita 9, ngati mdadada wa makalasi awiri kapena mzere wa mashopu. Pamwamba pa makoma akunja pakuyenda ring'i bimu ya mamilimita 230 mulifupi ndi 300 kuya kwake, yokhala ndi zitsulo zinayi za Y12, ziwiri pansi, ziwiri pamwamba. Makoma amkati tiwasiye kuti masamu asachuluke. Kuzungulira nyumba yonse ndi mamita 54. Kuchulukitsa ndi 4, tikupeza mamita 216. Kugawa ndi 12, zitsulo 18 ndendende, popanda chotsala. Yankho lokongola chonchi ndilo limanyenga munthu.

Tsopano tikwere pakhoma. Mbali yaitali ili ndi mamita 18, ndipo palibe chitsulo chotalika chomwecho. Mzere uliwonse ufunika chitsulo chathunthu cha mamita 12 ndi chidutswa chowonjezera. Masamu a pakhonde aja amati chidutswacho ndi mamita 6, kotero kuti chitsulo chimodzi chodulidwa pakati chikwanira mizere iwiri. Koma mukatero zitsulo ziwirizo zingogundana nsonga, osapitirirana. Kuti pakhale lapu ya mamilimita 600, chidutswacho chiyenera kukhala mamita 6.6. Mbali zazitali ndi ziwiri, iliyonse ili ndi mizere inayi, ndiye kuti mizere 8 ya mamita 18.6, yomwe ikupanga mamita 148.8. Mbali zazifupi sizivuta: mizere 8 ya mamita 9, pamodzi mamita 72.

Kenako pali makona, omwe ambiri amawaiwala. Chitsulo chochokera kum'mawa chikakumana ndi chochokera kumpoto pakona, sizinalumikizane ngakhale zitakhudzana. Pamafunika chidutswa chopindidwa ngati chilembo cha L, mwendo uliwonse wotalika ngati lapu, kuti mphamvu ikhote nacho. Chimodzi chimadya mamita 1.2. Pakona iliyonse pamafunika zinayi, makona ndi anayi, zonse 16, mamita 19.2. Ena amapinda chitsulo chachitali chomwecho kuti chikhote pakona m'malo modula zidutswa. Ndi bwinonso, koma utali wopitirirawo umafunikabe kugulidwa. Kuno kwathu makona si nkhani yongokongoletsa. Tili m'chigwa chomwe nthaka yake imagwedezeka: chivomezi chinagunda Salima mu 1989, ndipo zingapo zinagwedeza Karonga mu Disembala 2009. Ntchito yaikulu ya ring'i bimu pa nthawi yotere ndi kugwira makoma anayi kuti asatayane, ndipo pomwe makoma amakonda kulekana ndi pakona pomwepo.

Tikaphatikiza 148.8, 72 ndi 19.2 tikupeza mamita 240, zomwe ndi zitsulo 20. Taonjeza kale ziwiri. Amene amati "onjezani 10 pa 100 iliyonse" afika pomwepa, ndipo aganiza kuti atha. Sanathe, chifukwa chitsulo sichigulitsidwa ngati nsalu yoti wogulitsa adule pomwe mwaloza. Chimabwera cha mamita 12, ndipo mukadulapo mamita 6.6 mumatsala ndi mamita 5.4 omwe sakwanira pamzere wina wa mbali yaitali.

Mmisiri wongodula mosaganiza achita chonchi. Atenga zitsulo 8 zathunthu za mbali zazitali. Atenganso zina 8 n'kudulapo mamita 6.6 pa chilichonse. Atenganso zina 8 n'kudulapo mamita 9 a mbali zazifupi, ndipo pa mamita 3 otsala pa chilichonse apeza zidutswa ziwiri za pakona. Ntchito yatheka bwino lomwe, malapu onse ndi okwanira, koma zapita zitsulo 24, ndipo pansi pa mtengo pagona zidutswa 8 za mamita 5.4 ndi tina 8 ta mamilimita 600. Amenewo ndi mamita 48, zitsulo zinayi zathunthu zomwe mwalipira. Mwini nyumba yemwe anagula 18 akamva kuti pakufunika 24, mkangano wake umamveka mpaka kumsewu.

Wina wokhala pansi kaye ndi pensulo aona kuti zidutswa za mamita 5.4 zija zikhoza kupita ku mbali zazifupi. Mzere wa mamita 9 ukhoza kupangidwa ndi chidutswa cha 5.4 ndi china cha 4.2, zomwe pamodzi ndi mamita 9.6, lapu ili momwemo. Ndiye pakufunika zidutswa 8 za mamita 4.2. Chitsulo chimodzi chimatulutsa ziwiri zotere n'kutsala mamita 3.6, omwe ndi zidutswa zitatu za pakona popanda chotaya. Zitsulo zinayi zipereka zidutswa zonse 8 za 4.2 ndi 12 za pakona. Zinayi za pakona zotsala zichokera pa chitsulo chimodzi chowonjezera. Kuwerenga zonse: 16 za mbali zazitali, 4, ndi 1, zikukwana 21, ndipo chotsala ndi chidutswa chimodzi cha mamita 7.2 chomwe chidzagwira ntchito pa lintala ina.

Nyumba ndi yomweyo, pulani ndi yomweyo, koma mayankho ndi anayi: 18, 20, 24 ndi 21. Loyamba ndi lolakwika, lachiwiri n'loona papepala pokha, lachitatu n'lowononga ndalama, lachinayi ndilo loyenera kupita nalo ku hadiweya. Pa kulemera, poti mita ya Y12 imalemera makilogalamu 0.888, zitsulo 18 ndi makilogalamu pafupifupi 192, pamene 21 ndi pafupifupi 224. Kusiyanako ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a oda yoyamba ija, ndipo 10 pa 100 uja wakuperewerani ndi chitsulo chimodzi.

Njira ya 21 ili ndi malire ake, ndipo ndiyenera kuwanena. Yawonjezera malapu 8 pa mbali zazifupi pomwe panalibe. Pa ring'i bimu yogona pakhoma utali wake wonse zimenezi sizivuta, bola lapu isagwere pamwamba pa chitseko chachikulu kapena zenera lotambalala. Pa bimu yolendewera pakati pa zipilala ziwiri nkhani imasintha. Zitsulo zapansi zimakokedwa kwambiri pakatikati pa mpata, zapamwamba zimakokedwa kwambiri pamutu pa chipilala, ndipo amenewo ndi malo omwe lapu imapewedwa. Pamenepo simusuntha lapu pofuna kupulumutsa chidutswa popanda kufunsa injiniya. Malapu asaunjikanenso pamalo amodzi. M'chitsanzo chathu n'zosavuta: mzere wina uyambe ndi chitsulo cha mamita 12 n'kumalizira cha 6.6, woyandikana nawo uyambe ndi cha 6.6 n'kumalizira cha 12. Lapu ya woyamba igwera cha pa mita ya 12, ya wachiwiri cha pa mita ya 6, ndipo sipafunika chitsulo chowonjezera ngakhale chimodzi.

Pali msampha wina pa tsiku lonyamula. Galimoto ikachepa, ena amavomera kuti zitsulo zidulidwe pakati kuti zikwane. Mukatero mwagula zitsulo za mamita 6, ndipo mzere wa mamita 18 tsopano ufuna zidutswa zinayi ndi malapu atatu, mamita 19.8 m'malo mwa 18.6. Ndalama yomwe mwapulumutsa pa galimoto yaing'ono mudzaibweza pa zitsulo. Ngati kudula n'kosapeweka, pitani ndi mndandanda wa utali womwe mukufuna, adule 6.6 ndi 5.4, osati 6 ndi 6. Ndipo musananyamule, tambasulani tepi pa chitsulo chimodzi kapena ziwiri mutsimikize kuti mamita 12 akukwanadi, poti masamu onsewa atsamira pamenepo.

Nanga amene anagula 18 uja, foni osalira, nyumba yake ili bwanji? Mmisiri wasiya zidutswa za pakona, wangopinda nsonga pang'ono. Malapu a mbali zazitali awapeza podula apa ndi apo, mwina mamilimita 150 kapena 200. Bimu yotere imaoneka bwino, ikhoza kukhala zaka osadandaula. Vuto la lapu yaifupi ndi lakuti siichenjeza. Chitsulo chathunthu chikalemedwa mopitirira chimatamuka, bimu imagwada pang'ono, ming'alu imaoneka, anthu amakhala ndi nthawi yochitapo kanthu. Lapu yaifupi imang'amba konkire motsatira utali wa chitsulo, zitsulo ziwirizo n'kusololoka nthawi imodzi.

Kabuloko kotchipa komwe kamalamula zitsulo

Kava ndi mtunda wochokera pakhungu la konkire kukafika pa chitsulo choyandikira kwambiri kunja. Mu bimu kapena chipilala, chitsulo chimenecho ndi ring'i, osati chitsulo chachikulu chamkati. Ziwerengero zofala pa mapulani ndi mamilimita 20 mpaka 25 pa silabu yamkati mwa nyumba, 25 mpaka 40 pa mabimu ndi zipilala malinga ndi mvula ndi chinyezi chomwe zikumana nacho, 50 pa maziko othiridwa pamwamba pa konkire yopyapyala yoyalira, ndi 75 ngati konkire ikukhudza dothi lenilenilo. Apanso pulani ndiyo imalamula.

Konkire yatsopano ili ndi mphamvu ya laimu yomwe imateteza chitsulo ku dzimbiri. Mpweya ndi chinyezi zimalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja, n'kumafooketsa chitetezocho chaka ndi chaka. Zikafika pa chitsulo, dzimbiri limayamba, ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya. Limatupa n'kukankha konkire kuchokera mkati mpaka chibanthu chigwe. Kava yokwanira imatalikitsa ulendo wa mpweya ndi chinyezi uja. Imatchinjirizanso chitsulo ku moto, poti chitsulo chikatentha kwambiri chimafewa. Pulasitala wa mchenga ndi simenti yemwe mumapaka pambuyo pake amabisa manyazi, koma salowa m'malo mwa kava pa nkhani ya dzimbiri.

Chomwe sichidziwika kwambiri ndi chakuti kava ndi lapu zimadalirana. Timizere ta chitsulo tikamaluma konkire, timaikankhiranso kunja, ndipo chomwe chimaletsa konkireyo kung'ambika ndi kuchindikala kwake pamwamba pa chitsulocho. Lapu yokutidwa mopyapyala ndi yofooka kuposa lapu ya utali womwewo yokutidwa bwino. Malamulo a ku Britain a BS 8110, omwe ainjiniya ambiri m'chigawo chino cha Afirika anaphunzirira, amanena zimenezi m'manambala. Lapu yokokedwa ikakhala kumtunda kwa konkire yothiridwa, kava n'kuchepera kuwirikiza kawiri kunenepa kwa chitsulo, utali wake uchulukitsidwe ndi 1.4. Chimodzimodzi ikakhala pangodya ya bimu yokhala ndi kava yochepa chomwecho, kapena malapu akathithikana. Zonse ziwiri zikachitikira pamodzi, utaliwo uwirikizidwe kawiri. Tanthauzo lake pamalo a ntchito n'lakuti lapu ya mamilimita 600 yomwe yatsamira thabwa la shatala siikugwiranso ntchito ya mamilimita 600, ngakhale munailipira yonse.

Pa oda ya zitsulo, kava imagwira mosiyana ndi lapu: imachepetsa. Tibwerere ku bimu yathu ya 230 kwa 300, yokhala ndi maring'i a R8 otalikirana mamilimita 200. Pa mamita 54 pafunika maring'i pafupifupi 270. Ngati kava ndi mamilimita 25, timachotsa 25 mbali iliyonse, ndipo ring'i ikhala ya 180 kwa 250 poyeza kunja kwake. Kuzungulira kwake ndi mamilimita 860. Tikaonjezera pafupifupi 140 a ngowe ziwiri zotsekera, ring'i imodzi ikudya mita imodzi. Chitsulo cha mamita 12 chitulutsa maring'i 12, ndipo maring'i 270 afuna zitsulo 23.

Tsopano wopinda zitsulo ayeze thabwa la shatala n'kungochotsako pang'ono, mamilimita 10 mbali iliyonse, monga ambiri amachitira kuti "khola lilowe". Ring'i yake ndi ya 210 kwa 280, ikudya mamita 1.12, ndipo chitsulo chimodzi chikutulutsa maring'i 10 okha n'kutsala kachidutswa kopanda ntchito. Maring'i 270 omwewo tsopano afuna zitsulo 27. Mwalipira zitsulo zinayi zowonjezera kuti mupeze bimu yomwe idzachite dzimbiri msanga. Ndipo maring'i akapindidwa aakulu chonchi palibe kabuloko ka mamilimita 25 komwe kangalowe pakati pa chitsulo ndi thabwa. N'chifukwa chake kava iyenera kudziwika zitsulo zisanadulidwe, osati m'mawa wa tsiku lothira.

Wina angati, ngati kava yaikulu imachepetsa zitsulo, bwanji osaika 50 paliponse? Chifukwa mphamvu ya bimu kapena silabu imadalira kutalikirana kwa chitsulo chokokedwa ndi mbali ina ya konkire yomwe ikupanikizika. Mukalowetsa chitsulo mkati mopitirira, mwachepetsa mtunda umenewo. Kava yochuluka ndi cholakwa monga momwe yochepa ilili cholakwa, ndipo pomwe zimaonekera moopsa ndi pa khonde la nyumba yosanja lomwe latulukira kunja popanda chipilala. Pamenepo zitsulo zogwira ntchito zili pamwamba. Pa silabu ya mamilimita 150, yokhala ndi kava ya 25 ndi zitsulo za Y12, pakati pa chitsulo pali mamilimita 119 kuchokera pansi. Anyamata othira akaponda zitsulozo n'kuzitsitsa ndi mamilimita 30 okha, mtundawo watsika kufika pa 89, ndipo khondelo lataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake. Mng'alu woyenda pamwamba pa khonde, motsatira khoma pomwe khondelo layambira, ndi chizindikiro choti muitane injiniya tsiku lomwelo.

Zitsulo zapamwamba sizikhala pa timabuloko, zimakhala pa timipando topindidwa kuchokera ku chitsulo cha Y10 kapena Y12, ndipo chitsulo chimenecho chimagulidwa. Mpando umodzi umadya pafupifupi mamilimita 700. Pa malo a masikweya mita 100 okhala ndi zitsulo zapamwamba, mutaika umodzi pa sikweya mita iliyonse, ndi mamita 70, zitsulo 6. Nthawi zambiri pa pulani sizijambulidwa, ndiye pa oda sizilowa, ndipo mmisiri amaziba ku malapu kapena amangosiya. Apa ndi pomwe zidutswa zotsala zija zimapeza ntchito yabwino. Chimodzimodzi zitsulo zomwe timaona zitatulukira pamwamba pa nyumba zodikira kudzasanjika m'tauni zathu: ngati chipilala chili ndi Y16, ziyenera kutuluka pafupifupi mamilimita 800 pamwamba pa silabu, pa chitsulo chilichonse cha chipilala chilichonse. Zipilala 12 za zitsulo zinayi ndi mamita oposa 38. Zambiri zomwe ndimaona podutsa sizifika ngakhale theka la utali umenewo.

Timabuloko tenitenito n'tosavuta kupanga. Sakanizani gawo limodzi la simenti ndi magawo awiri a mchenga woyera wa kumtsinje, madzi pang'ono. Thirani pa thabwa losalala lomwe mwakhomera timitengo m'mbali, tochindikala ndendende ngati kava yomwe mukufuna. Dakali lofewa, dulani timagawo ta mamilimita 50 kwa 50, ndipo m'kalikonse mulowetse waya womangira wopindidwa pakati, nsonga ziwiri zitulukire pamwamba, koma wayayo asaboole kufika pansi. Tikauma tsiku limodzi, tiviikeni m'madzi kwa sabata yathunthu. Kabuloko kopangidwa dzulo kamafumbutuka munthu akangoponda, ndiye ntchitoyi iyambe tsiku lomwe zitsulo zafika. Ta 25 ndi ta 50 tisungidwe padera, poti tikasakanikirana m'wilibala palibe amene amayezanso. Tapulasitiki togula tiliponso, ndipo ndi tabwino ngati mwagula ta muyeso woyenera.

Pa bimu yathu, timabuloko timangiriridwe pa maring'i, tiwiri pansi ndi kamodzi mbali iliyonse, pa mita iliyonse. Ndi timabuloko 216, ndipo tonse pamodzi sitimaliza ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a thumba la simenti. Pa silabu tiyenera kuyandikana kwambiri, makamaka pa zitsulo zowonda, chifukwa Y10 imagwada pakati pa timabuloko tiwiri munthu akaimapo. Theka la mita ndi mtunda wabwino pa zitsulo zotere.

Zomwe zimaikidwa m'malo mwake ndizo zimandidetsa nkhawa. Chibanthu cha njerwa yootcha chimamwa madzi n'kuwafikitsa pa chitsulo. Kamtengo kamafufuma, kenako kamaola n'kusiya bowo. Mwala wa kwale ulibe muyeso, ndipo umagubuduka konkire ikangoukankha. Kachidutswa ka chitsulo kogonekedwa pa thabwa kamachita dzimbiri kuyambira kunja n'kulilowetsa mkati. Ndiye pali chizolowezi chija choti mnyamata mmodzi aziyenda ndi ngowe, kumanyamula zitsulo pamene anzake akuthira. Amanyamula pomwe waima, ataponda zitsulo zomwezo, ndipo akachoka palibe amene akudziwa pomwe zakhazikika. Zotsatira zake mumaziona mukayang'ana kunsi kwa masilabu ambiri: mizere ya zitsulo ikuonekera ngati mthunzi tsiku lomwe mashatala achotsedwa, pakapita zaka madontho ofiira a dzimbiri, kenako ming'alu yowongoka yotsatira chitsulo, ndipo mukagogoda ndi hamala pamamveka kuti mkati mwalekana. Kukonza pamenepo kumafuna kugumula konkire mpaka kuseri kwa chitsulo, kuchipala, n'kumatanso ndi zosakaniza zapadera.

Zonsezi zimaoneka ndi maso kwa tsiku limodzi lokha, zitsulo zitamangidwa, konkire isanathiridwe. Simufunika kukhala injiniya kuti muyendere nyumba yanu madzulo amenewo ndi tepi m'manja. Yezani malapu angapo, makamaka omwe ali kutali ndi makwerero. Yang'anani makona onse anayi. Gwedezani khola la zitsulo muone ngati likugunda thabwa. Onani ngati nsonga za waya zapindidwira mkati. Pa nyumba yosanja kuyendera kwanu sikulowa m'malo mwa injiniya, ayenera kubwera ndithu asanalole kuthira.

Koma ntchito yaikulu imachitika kale, musanatulutse ndalama. Pemphani amene anajambula pulani, kapena mmisiri wanu ngati nyumbayo ndi yaing'ono, akulembereni mndandanda wa zidutswa: chilichonse kunenepa kwake, utali wake, kapindidwe kake ndi chiwerengero chake, malapu, makona, timipando ndi kava zili momwemo. Kenako khalani naye pansi muone momwe zidutswazo zitulukire m'zitsulo za mamita 12. Akakuuzani 21 pomwe inu munapeza 18, musayambe ndi kumukayikira, mufunseni akuonetseni pomwe zitatuzo zikupita. Mmisiri woyenera kumuopa ndi amene wavomera 18 osafunsa kanthu.